Kadazi kozungulira kopanda mfundumfundu: tsitsi lidzamera liti?

"Wometa wandiona kadazi kozungulira pamwamba pa khutu, kukula ngati ndalama yachitsulo ya K10. Ndi kosalala, sikayabwa, ndipo patha sabata zitatu. Ndili ndi zaka 28. Kwathu ku Ndirande ena akuti ndi chipere, ena akuti ndametedwa usiku. Tsitsi langa lidzamerapo?"

Achimwene, yambani mwapempha munthu akuunikeni ndi tochi ya pafoni. Chipere chimakhala ndi mfundumfundu, chimayabwa, tsitsi limathyokera pakhungu n'kusiya timadontho takuda, komanso chimakonda ana. Ngati khungu lili losalala, mtundu wake sunasinthe, timabowo totulukira tsitsi tikuoneka, ndipo m'mphepete muli titsitsi tifupitifupi tonenepa kunsonga koma toonda kutsinde, ndiye kuti mwina ndi nthenda imene madokotala amati alopeshiya areyata. Ena zikhadabo zawo zimachitanso timaenje. Siipatsirana, choncho makina a wometa uja alibe mlandu.

Chimachitika n'chakuti asilikali a m'thupi amasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi mizu ya tsitsi limene likukula. Tsitsi limathothoka, koma muzu sufa, umangogona. Apa ndi pamene pagona chiyembekezo chanu, chifukwa palibe chipsera chimene chatseka muzuwo.

Tsono nkhani ya nthawi, imene ndi yomwe imasowetsa anthu tulo. Tiyerekeze kuti kadazi kanu kanayamba mu Febuluwale. Mpaka Epulo musayembekezere kanthu. Kakhoza ngakhale kukulirako pang'ono, kapena kena n'kutulukira kunkhongo kapena m'ndevu. Zimenezi sizitanthauza kuti mutu wonse ukupita. Zikayenda bwino, cha m'ma Meyi kapena Juni mudzaona tiubweya tofewa, kawirikawiri kuyambira pakati. Tiubweyato timatuluka toyera, ndipo ambiri amadzidzimuka poganiza kuti ndi imvi. Sizachilendo, mtundu wakuda umabwerera pang'onopang'ono. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndiye kwa munthu wometa mofupikitsa, miyezi ingapo yotsatira imakwana kuti pafanane ndi ponse. Mwa anthu amene ali ndi kadazi kamodzi kapena tiwiri tating'ono tosapitirira chaka, ambiri, mpaka 8 mwa 10 alionse, tsitsi limamera lokha chaka chisanathe popanda mankhwala.

Koma ndisakubiseni, nthendayi imakonda kubwerera. Pakhoza kudutsa zaka muli bwinobwino kenako kadazi kena n'kuoneka pena. Imavuta kwambiri ikayamba munthu ali mwana, ikazungulira m'mphepete mwa tsitsi kuchokera kunkhongo mpaka kumakutu, ikagwira zikhadabo, ikatenga mbali yaikulu ya mutu, kapena chaka chikatha osamera kanthu. Ochepa amathothoka mutu wonse, ena mpaka nsidze ndi thupi lomwe, ndipo pamenepo kumeranso lonse kumavuta. Inu ndi kadazi kamodzi pa zaka 28, muli kumbali yabwino.

Pitani ku chipatala chaching'ono chapafupi, akutumizeni kwa a khungu ku Gulupu ngati pakufunika. Chifukwa chachikulu chopitira n'kutsimikiza kuti si china. Chipere cha m'mutu chimafuna mapiritsi monga gilisiyofuvini kwa sabata 6 mpaka 8, zodzola zokha sizichithetsa. Chindoko nachonso chimathothola tsitsi m'timagawo tosalongosoka, ndipo chimapezeka poyeza magazi. Khungu likakhala lonyezimira, lopanda timabowo tija, musachedwe, chifukwa kumeneko ndi kupanga chipsera ndipo tsitsi lotayika silibwerera.

Akatsimikiza kuti ndi alopeshiya areyata, kudikira chabe ndi njira yovomerezeka ndithu. Akhozanso kukupatsani mafuta amphamvu a siteroidi, ochepetsa ukali wa asilikali a m'thupi aja, monga kilobetaso, oti mupake pakadazi pokhapo kwa miyezi ngati itatu. Njira imene imagwira bwino pa timadazi tochepa ndi jakisoni wa tirayamusinoloni wobaya m'khungu lenilenilo, sabata 4 mpaka 6 zilizonse. Tsitsi limayamba kuoneka pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Vuto lake, khungu likhoza kulowa kadzenje kapena kuyererako, zimene pakhungu lathu lakudali zimaoneka msanga, ngakhale nthawi zambiri zimatha zokha. Mankhwala onsewa amafulumizitsa kumera, koma saletsa kadazi kena kudzabwera mtsogolo.

Za kukhula ndi adyo kapena kutema mphini, ine ndikuti ayi. Mukawotcha khungu mpaka chilonda, mupha muzu umene unali wamoyo. Ndipo poti tsitsi limamera lokha mwa anthu ambiri, chilichonse chimene munthu anapaka mwezi wachitatu chimatamandidwa mwaulere, n'chifukwa chake aliyense ali ndi mankhwala ake amene amalumbirira.

Jambulani kadaziko kamodzi pamwezi, mutaika ndalama ija pambali kuti muziona kukula kwake. Mukaona timadazi tikuchuluka msanga kapena tikulumikizana, nsidze zikuthothoka, kapena patha miyezi 6 popanda kaubweya ngakhale kamodzi, bwererani kuchipatala ndi zithunzizo.