Za kulira ndi kukwiya tili ana: m'kope ulembemo chiyani?

"Asisi, ndagula kope loti ndizilembamo mmene tinaleredwera pa nkhani ya kulira ndi kukwiya, koma ndikangogwira cholembera mutu umaima. Ndizidzifunsa mafunso otani?"

Eee, mng'ono wanga, ndakumva. Usayambe ndi funso lalikulu ngati lakuti kwathu mkwiyo ankauona bwanji. Pamenepo ungolemba kuti "tinaleredwa bwino" n'kutseka kope. Sankha tsiku limodzi lokha limene ukukumbukira ukulira. Unali ndi zaka zingati? Panali ndani? Ndiye funso lenileni ndi ili: wamkulu amene anali pafupi ananena mawu oti chiyani? Ulembe mawu akewo mmene anatulukira, osawakonza.

Tiyerekeze kuti mnzako anakuthyolera chidole, iwe n'kubwera ukulira, munthu wamkulu n'kunena kuti, "Ukulira chiyani, wafa ndani? Khala chete ndingakuwonjezere." Lemba zimenezo. Pansi pake yankha kuti unatani atatero. Mwina unameza misozi, mwina unakalirira kobisika. Ukatero maliza chiganizo ichi: "Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti kulira n'kololedwa pokhapokha..." Pa chitsanzochi mwina umaliza kuti pokhapokha pachitike chinthu chachikulu zedi. Limenelo ndiye lamulo lomwe unatenga, ngakhale palibe anakukhazika pansi kukuphunzitsa.

Tsiku lina uchite chimodzimodzi ndi mkwiyo, koma apa funso limene limatsegula zambiri ndi lakuti, ndani ankaloledwa kukwiya m'nyumba, nanga ndani sankaloledwa? Wamkulu akakwiya tonse tinkayenda monyang'ama, koma mwana akakwiya ankatchedwa wamwano. Unaonapo wamkulu akupepesa mtima utatsika? Uonenso ngati anyamata ndi atsikana ankauzidwa zofanana, paja ena ankangomva zoti mwamuna salira. Ndipo usaiwale zosanenedwa, monga munthu kungosiya kukuyankhula mpaka mawa. Kwa ine zimenezi n'zimene zimakhalitsa mumtima kuposa kukalipiridwa.

Funso lomaliza likubweretse ku lero: sabata ino ndi liti pamene ndinatsatira lamulo lija? Mwina unati "palibe vuto" mtima ukuwira, kapena mwana wako atalira mawu aja anatuluka m'kamwa mwako.

Za nthawi, katswiri wa zamaganizo James Pennebaker, amene anayamba kufufuza kulemba kotereku m'ma 1980, ankauza anthu kuti azilemba mphindi 15 mpaka 20 kwa masiku atatu kapena anayi, osasamala za kalembedwe. Ukamaliza n'kumva chisoni kwa kanthawi, usadabwe, zimachitika. Koma ukaona mtima ukuthamanga, tulo tikusowa, kapena zatulukira nkhani za kumenyedwa koopsa, siya kaye, zimenezo n'zokambirana ndi mlangizi wa zamaganizo, osati wekha usiku.

Aa, komanso zomwe walembazo usaziponye m'gulu lathu la pachibale muno ayi. Aliyense amakumbukira mosiyana, tingayambe kutsutsana iwe usanamalize n'komwe kuganiza. Ukafuna, undiimbire patokha.