Lekani kulemba za "anthu akuno"

"Ndili kunja ndipo ndayamba kulemba za moyo wanga kuno. Koma ndikawerenga zomwe ndalemba, zikungofanana ndi za wina aliyense: kuno kumazizira, anthu ake sapatsana moni, ndimapukwa kwathu. Ndilembe bwanji kuti nkhani ikhale yangayanga?"

Achemwali, kalata yanu yandikumbutsa mkonzi wina amene mpaka lero ndikamuganizira mtima umawawa.

Azakhali anga atamwalira sindinathe kupita kumaliro. Mapepala anga anali asanatuluke, ndipo ndikanangotuluka m'dzikomo, kubwereranso kukanavuta. Maliro ndinaonera pa foni, ndili m'chipinda chosinthira zovala kuntchito. Msuweni wanga anaika foni m'thumba la malaya, kamera itasuzumira kunja, ndiye chomwe ndinkaona ndi thambo, nsonga za mitengo, nthawi zina chibwano chake. Nyimbo inkaduka, n'kubweranso ili pa ndime ina. Nthawi yopuma itatha ndinaimirira kuti ndibwerere ku ntchito, koma mayi wina amene tinkagwira naye, mlendonso ngati ine wochokera dziko lina, anangondikankhira pabenchi, n'kutenga magolovesi anga n'kukagwira mbali yanga. Sanafunse kuti wamwalira ndani. Chiyankhulo cha m'dzikomo tonse tinkachithyolathyola.

Ndinalemba zimenezi n'kutumiza. Mkonzi anachotsa mayi uja yense. Akuti owerenga akufuna kumva kusungulumwa, ndiye ndiwonjezere za kuzizira ndi za eni dziko osalabadira munthu. Ndinakana, nkhaniyo sinatuluke. Ndipo ndikunenetsa: nkhani zambiri za moyo wa kunja zimafanana chifukwa olemba amayamba adziwa kale zomwe owerenga akuyembekeza. Akumudzi akufuna kumva kuti mukudya bwino kapena mukuvutika koopsa. Eni dziko akufuna mlendo wothokoza kapena womvetsa chisoni. Mayi wa magolovesi sakwana m'nkhani zonsezi, n'chifukwa chake amayamba ndiye kuchotsedwa.

Palinso kandondomeko kena kamene kamandinyansa, koti mlendo amayamba ndi kusangalala, kenako amakhumudwa, pamapeto n'kuzolowera. Maganizowa anatchuka ndi kafukufuku wa Sverre Lysgaard wa 1955, yemwe anafunsa anthu a ku Norway amene anapita ku America pa thandizo la maphunziro lotchedwa Fulbright. Amenewo anali anthu odziwa kuti adzabwerera kwawo. Inu mukakakamiza moyo wanu kuti utsate mzere umenewo, mudzanama. Ine chaka choyamba sindinapukwe n'komwe, ndinali wotanganidwa ndi lendi. Kupukwa kunadzandigwira zinthu zitayamba kuyenda, tsiku lomwe mwana wa mchemwali wanga anandiyankha pa foni mwaulemu wopatsa mlendo. Komanso pali masiku amene kwathu sindikufunako, ndikakumbuka mauthenga opempha ndalama obwera ndisanadzuke. Zimenezonso zilembeni. Kwanu kukakhala kokoma m'ndime iliyonse, mwapanganso bodza lina, kungoti ili ndi lokomera abale.

Chochita ndi zomwe mwalemba kale

Tengani cholembera mudule mzere pansi pa chiganizo chilichonse choyamba ndi "anthu akuno" kapena "ife kwathu". Pa chilichonse dzifunseni kuti: ndani, kuti, nthawi yanji? "Anthu akuno sapatsana moni" mwina ndi bambo mmodzi wa khomo loyandikana nalo, amene mumakumana naye pamasitepe m'mawa, iye n'kuyang'ana makiyi ake. Lembani bamboyo ndi makiyi akewo. Mukatero mudzakumbukanso kuti tsiku lina anakusungirani katundu wobwera pa positi, ndipo chiganizo chanu chakale chija chidzagwa chokha. Mukasowa munthu woti mumuloze, dziwani kuti mawuwo munangowatola kwa ena, afufuteni.

Mawu oti "ndimapukwa" yesani kuwachotsa m'nkhani yonse, muone ngati owerenga angazindikirebe. Akapanda kuzindikira, ndiye kuti simunaonetse chomwe chinachitika.

Chenjezo limodzi lokha, ndipo ili si la luso. Mukamalemba za mnzanu wopanda mapepala, kusintha dzina lokha sikokwanira. Sinthaninso mtundu wa ntchito, dera lomwe amakhala ndi chiwerengero cha ana ake, chifukwa alendo a dziko limodzi mumzinda amadziwana onse, ndipo nkhani ikangolowa m'gulu la WhatsApp simungaibwezenso. Muwerengereni ndime yakeyo musanaitulutse. Akakana, ichotseni, ngakhale itakhala ndime yokoma kuposa zonse.