Ovalira pamwamba pa magalasi a kuchipatala

"Anzanga, kuchipatala andipatsa magalasi a maso, popanda iwo sindionanso mzere pa tepi. Kodi ndingamagwire nawo gilayinda okhawa, kapena ndigule ena ovala pamwamba? Ndinayesa a mnzanga koma sakukhala bwino kumaso."

Achimwene, okhawo ayi, ndipo aja a anzanuwo amene sakukhala bwino musawavalenso ngakhale mawa. Ine diso langa lakumanzere lili ndi chipsera mpaka lero chifukwa cha mawu omwewo akuti sakukhala bwino koma bola. Ndinkawotcherera mageti pa shedi ina ku Ndirande, ndipo bwana wake anali ndi magalasi ovalira pamwamba amodzi okha, amene tinkalandirana tonse pa shedipo ngati chikho cha pachitsime. Felemu ya magalasi anga a kuchipatala inali yotakata kuposa m'kati mwa ovalirawo, ndiye m'malo moti alowe m'kati, ovalirawo ankakwera pamwamba pa felemu n'kutsamira kutsogolo. Pansi pa tsaya pankatsala mpata wolowa zala ziwiri. Ndinawauza bwanawo. Anandiyankha kuti iwe uli ndi magalasi awiri pomwe anzako ali ndi amodzi, ukudandaulanso chiyani.

Tsikulo ndinkadula paipi ya sikweya itagona pansi, ine nditawerama, mutu uli cha pamwamba pa gilayinda. Gilayindayo inalibe chotchingira chake, bwana anachichotsa kalekale ati chimachedwetsa ntchito m'makona. Paipi itatsala pang'ono kuduka inatsika n'kupana disiki. Ndinangomva phaa, kenako ovalira aja ali uko pansi, galasi langa la kuchipatala lakumanzere lasweka, diso likutentha ngati athiramo tsabola. Chidutswa chinadzera pa mpata wa pansi uja, n'kumenya galasi la m'kati. Sindinkatha kutsegula diso, misozi ili chuchuchu, mphuno nayo ikutuluka madzi. Mnzanga wina anabwera ndi maginito a sipika kuti akoke chitsulo, wina akuti tipeze mayi woyamwitsa akamiremo mkaka, wina akufuna kunyambita ndi lilime. Bwana anaima poteropo, funso lake loyamba linali lakuti disiki ija inali yatsopano kodi. Ndalama ya minibasi yopita ku Queens ndinabwereka kwa mayi wogulitsa mandasi.

Ku chipatala cha maso cha Lions, cha pa Queens pomwepo, anandithira mankhwala ochititsa dzanzi, kenako achikasu oonetsa pamene pakandika, n'kundikhazika pa makina aja oika chibwano. Anachotsa tizidutswa ta galasi langa lomwe pansi pa chikope, ndi kachitsulo kamene kanakanirira pa khungu loonekera la pamwamba pa diso. Dokotala anati kachitsulo kotero kakagona m'diso kamayamba dzimbiri pa maola ochepa chabe, dzimbirilo limasiya mkombero umene amachita kupala, ndiye amene amadikira kuti katuluka kokha ndi misozi amadzionjezera chipsera. Changa chili pambali pang'ono pa mwana wa diso, usiku nyali za galimoto zimandimwazikira. Masiku amene ndinakhala kunyumba bwana uja anandidula malipiro, ndipo magalasi atsopano ndinagula ndekha. Anthu oterewa alipo ambiri m'mashedimu, amasamala disiki kuposa wogwira disikiyo, mukawaona akuchotsa chotchingira pa gilayinda dziwani kuti ndi mtundu womwewo.

Magalasi a kuchipatala ambiri amawapanga ndi pulasitiki wamba kapena galasi lenileni, ndipo zonsezi zikamenyedwa zimasweka n'kukhala timipeni toloza kudiso. Oteteza enieni amakhala a polikaboneti, pulasitiki imene imapindika kapena kubonyoka koma siphwanyika msanga. Ndi maso simungasiyanitse, ndiye musamvere za wogulitsa, werengani zimene zadindidwa pa kamwendo ka felemu ndi pakona pa galasi. Za muyezo wa ku America zimalembedwa Z87, ndipo chimene mukufuna ndi chokhala ndi kamtanda kumapeto, Z87+. Kamtandako kakutanthauza kuti anawayesa powaombera ndi kampira kachitsulo ka mamilimita 6 ndi pang'ono pa liwiro la mamita pafupifupi 45 pa sekondi, komanso powagwetsera chitsulo chosongoka cha magalamu 500, ndipo sanasweke kapena kuguluka mu felemu. Za ku Ulaya zambiri zimalembedwa EN 166, ndiye mumayang'ana chilembo. S ndi olimba pang'ono chabe, F apirira kampira kachitsulo ka mamilimita 6 pa mamita 45 pa sekondi, B apirira pa 120. Chilembocho chikhale pa galasi ndi pa felemu pomwe, chifukwa galasi lolimba mu felemu yofooka limangokankhidwira m'diso lonse lathunthu. Aja a pamsika amene chizindikiro chili pa pepala la pulasitiki lokha, pa magalasi penipeni palibe kanthu, asiyeni.

Tsono tengani disiki yanu muwerenge. Yaing'ono ija ya mamilimita 115 pamalembedwa 80 m/s, ndilo liwiro lomaliza limene m'mphepete mwake mungapirire, ndipo pa gilayinda yozungulira ka 11,000 pa mphindi m'mphepetemo mumathamanga mamita oposa 60 pa sekondi. Magalasi a F anayesedwa pa 45, ndi kampira kosakwana galamu imodzi. Ndiye a F ndi a nthethe, tizitsulo, utuchi ndi mutu wa msomali wothawa hamala. Disiki ikaphulika muli pamzere wake, amenewo si oti muwadalire okha. Podula pamafunika chishango choonekera chophimba nkhope yonse pamwamba pa magalasiwo, chotchingira cha gilayinda chili pamalo pake, mutu wanu uli pambali pa mzere wa disiki.

Ngakhale ovalira pamwamba ndi amene anandipweteketsa, ndikuti gulani omwewo, koma anuanu. Njira yabwino kuposa zonse ndi kukapangitsa magalasi oteteza okhala ndi mphamvu ya maso anu kwa opima maso, aja felemu yake imalembedwa Z87-2+ ndipo ili ndi zotchinga m'mbali, koma ndi odula, si malo onse amene amasunga mafelemu ake, ndipo pa ntchito yathu nthethe zimawadya msanga, mphamvu ya maso nayo ikasintha muyambirenso. Wina akakuuzani kuti angokuikirani polikaboneti mu felemu yanu ya kutchalitchi, ndi bwino kuposa galasi, koma m'mbali ndi pansi mukadali poyera. Ovalira akakandika mumataya n'kugula ena, a kuchipatala ali bwinobwino m'kati.

Ku hadiweya mupite mutavala magalasi anu, mutenge ndi tepi. Yezani felemu yanu kuchokera pa hinji ina kufika pa inzake. Yanga ya pano ndi mamilimita 138, ndiye ovalira amene m'kati mwake ndi 135 sindiwayesa n'komwe, ndimafuna otsala ndi kampata mbali zonse ziwiri. Yezaninso kutalika kwa galasi kuchokera pamwamba kufika pansi, poti mafelemu akuluakulu a masiku anowa amatulukira kunsi. Mukavala, ovalirawo akhale pamphuno panu, asakhale pa felemu ya a kuchipatala. Mukamva a m'kati akukanikizidwira ku nsidze, kapena zinthu zikusintha kaonekedwe poti a m'kati apendekeka, si saizi yanu. Magalasi awiriwo asakhudzane, akakhudzana fumbi la chitsulo limalowa pakati n'kupala a kuchipatala aja mpaka pakati pake pachita mbuu. Kenako pisani chala pamwamba pa nsidze, m'mbali, ndi pansi pa tsaya. Chala chikalowa momasuka, kachitsulo kalowanso. Weramani ngati mukudula chinthu chili pansi, pukusani mutu, yang'anani ku mapazi. Ambiri amayesa ataima chilili pa kauntala n'kuona ngati ali bwino, chonsecho gilayinda timagwira titawerama, ndipo m'pamene amatsetsereka n'kutsegula pansi. Timiyendo tiwiri pa khutu limodzi timapweteka ikamakwana masana, ndiye sankhani a timiyendo topyapyala, kapena aja a lamba wozungulira mutu. Ngati felemu yanu ndi yaikulu kwambiri, potenga magalasi ena kuchipatala sankhani yaing'ono, imalowa mu ovalira ambiri.

Nthunzi ndiye vuto lenileni, makamaka mwezi wa Okutobala. Magalasi awiri kumaso, thukuta, pasanathe nthawi simukuona choko, ndipo munthu amawakweza pamphumi nthawi yomwe akudula. Pa a EN 166 chilembo N chikutanthauza kuti sachita nthunzi msanga, K kuti sakandika msanga. Akapanda zimenezo, kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale, kupaka n'kupukuta pang'ono ndi kansalu kofewa, kamathandiza kwa kanthawi. Musaboole mabowo ndi msomali wamoto kuti mpweya uzilowa, ndipo musapukute ndi thina kapena petulo, polikaboneti imachita ming'alu ing'onoing'ono n'kufooka. Tsukani ndi madzi kaye musanapukute, malaya a ntchito ali ndi fumbi la chitsulo.

Powotcherera, ovalira oyerawa salowa m'malo mwa chigoba chowotcherera. Ndodo wamba zowotcherera za mamilimita 2.5 ndi 3.2 zimafuna galasi lakuda la nambala 10 kapena 11, aja obiriwira a nambala 5 ndi a gasi. Koma oyerawo asachoke kumaso pansi pa chigobacho, chifukwa maso ambiri amavulala pogogoda makoko a pa weledi chigoba chitakwezedwa, makokowo akadali amoto. Amachepetsanso kuwala kwa mnzanu wowotcherera pambali, kuja kumakudzutsa pakati pa usiku m'maso muli ngati mchenga. Yesani kuti chigoba chanu chikutsika osagunda ovalirawo. Akalipentala a m'gulu muno, pa makina opalira ndi macheka a magetsi muyezo ndi womwewu. A kumunda opopera mankhwala, anu ndi ena, mukufuna otseka kuzungulira ndi lamba, olembedwa 3 pa felemu ya EN 166, chifukwa a timabowo toonekera amalowetsa madontho.

Kanthu kakalowa m'diso musatikite, tsukani ndi madzi oyera ambiri, kakakanirira musakatokose ndi kamtengo kapena maginito. Ngati diso labooka musalitsuke n'komwe, phimbani ndi kapu ya pepala yosakhudza diso mupite tsiku lomwelo, ku Queens, ku Central ku Lilongwe, ku Nkhoma, kapena chipatala cha boma chimene muli nacho pafupi. Ndipo ngati muli pa ganyu, amene akuyenera kugula zotetezazi ndi bwana, lamulo la chitetezo pa ntchito la 1997 limatero, muuzeni pamaso pa anzanu. Komabe inu gulani anu mubise m'chikwama, a pa shedi amabwera okandika kale ndipo saizi yake ndi ya aliyense.