Kuika logo pa tisheti yopindidwa kuti itsate makwinya a nsalu

"Ndajambula tisheti yoyera yopindidwa ndipo ndikufuna kuikapo logo mu Photoshop kuti kasitomala aone tisanadinde. Ndayesa Displace, koma m'mphepete mwa logoyo mwatuluka mano, ndipo ikuonekabe ngati yongomatapo. Vuto n'chiyani?"

Displace saona kuzama kwa makwinya. Amangowerenga kuwala kwa chithunzi chimene mwamupatsa monga mapu, n'kumasuntha mapikiselo a logo motsatira kuwalako. Pamene mapu ali otuwa pakatikati, pa 128 pa muyezo wa kuwala wochokera pa 0 mpaka 255, logo siisuntha. Pakuda imakankhidwira pansi chakumanja, poyera imapita m'mwamba chakumanzere. Mano mukuwaonawo akuchokera ku ulusi wa nsalu, chifukwa kadontho kalikonse ka ulusiwo kakukoka logo mbali yakeyake.

Choncho ntchito yaikulu ili pa mapu. Pangani kope ya chithunzi cha tisheti, muichotse mitundu ndi Desaturate, kenako muikepo Gaussian Blur mpaka ulusi usiye kuoneka koma makwinya atsale. Pa chithunzi cha mapikiselo 3000 m'lifupi, ine ndimayambira pa 4. Mukatero tsegulani Levels, mutsitse kuwala mpaka malo osalala a nsalu afike pafupi ndi 128, pakuti mukawasiya oyera logo yonse idzachoka pamalo pamene munaiika m'malo mopindika pa makwinya pokha. Sungani mapuwo ngati PSD, ndipo kukula kwake kufanane ndendende ndi chithunzi choyamba.

Logo muisandutse Smart Object kuti muzitha kusintha manambala mobwerezabwereza, kenako pitani ku Filter > Distort > Displace, musankhe Stretch to Fit ndi Repeat Edge Pixels. Pa Scale ya 100 mapikiselo amasuntha mpaka 128, ndiye kuti 10 imasuntha pafupifupi 13 basi. Pa chithunzi chathuchi yesani pakati pa 10 ndi 15, ndipo mukaona zilembo zayamba kuduka pa khwinya lakuya mudziwe kuti mwapyola muyezo.

Kuoneka ngati yomatapo ndi nkhani ya mthunzi, imene Displace saikhudza n'komwe. Pa tisheti yoyera ikani leya ya logo pa Multiply kuti mithunzi ya nsalu ionekere mkati mwake. Pa tisheti yakuda njirayi imameza logo, kotero ndi bwino kuisiya pa Normal, n'kuika kope yotuwa ya nsaluyo, yowalitsidwa ndi Levels kufika pafupi ndi 128, pamwamba pake ndi Clipping Mask pa Hard Light.

Pamene tisheti yapindidwira kumbuyo mapu sangakuthandizeni, popeza nsalu yakhota n'kubisika. Ngati logo ikufika pamenepo, ipanikizeni pang'ono ndi Warp musanaike Displace, kuti zilembo zifupike poyandikira popindikapo, ndipo mbali yotsala muibise ndi Layer Mask motsata mphepete mwa nsalu.