Setifiketi yanyowa, koma magiredi anu sanapite ndi mvula

"Achimwene, ndimakhala ku Mabvuku. Setifiketi yanga ya Fomu 4 inanyowa ndi mvula mpaka dzina silikuwerengeka, ndipo ina ya ulendo wachiwiri umene ndinabwereza masamu inasowa posamuka nyumba. Kumene ndikufuna kukaphunzira unamwino akufuna zenizeni. Ndiyambire pati? Kodi zatheratu?"

Achemwali, sizinathe. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ine ndinakhala pafupifupi chaka chathunthu ndikukhulupirira kuti zanga zinatheratu, ndipo panalibe wondiuza zina.

Kalata yanu yandibwezera m'chipinda cha amayi ku Mufakose, mu Harare muno m'Zimbabwe. Anali ndi thiranki yachitsulo yobiriwira imene agogo anabwera nayo kuchokera ku Dedza, ndipo chilichonse chofunika m'banja mwathu chinkagona mmenemo: makhadi a kusikelo, bukhu la sosaite ya maliro, zithunzi za ukwati, ndi masetifiketi a ana tonse atakulungidwa m'chitenje. Thirankiyo inkakhala pansi pa zenera. Januwale wina mvula inagwa masiku angapo osakata, madzi n'kumalowa pang'onopang'ono pamene chivundikiro chinachita dzimbiri. Tinadzatsegula patapita milungu. Fungo la nkhungu ndi limene linayamba kutuluka. Setifiketi yanga inali itamatirira ku khadi la ubatizo, ndipo poimatula, mbali ya dzina langa inatsalira pa khadilo. Amayi anakhala pansi pomwepo, chitenje chili m'manja, osayankhula. Fizi ya mayeso amenewo anaipeza pogulitsa tomato ku Mbare Musika.

Cholakwa chachikulu ndinachichita ndine mawa lake. Ndinathamangira kukashopu kena m'tauni kuti akaimate pulasitiki, poganiza kuti ndikupulumutsa chotsalacho. Mnyamata wa pamenepo sanafunse kanthu. Pepala linali lisanaumitsitse, makina otentha aja anaphika chinyezi m'kati, inki inayenderera, ndipo pulasitiki ikamata simungaichotsenso osang'amba pepala. Ndiye ndikupempheni: yanu yonyowayo musaimate pulasitiki, musaisite, musalembepo ndi cholembera pofuna kudzutsa zilembo zofufutika. Iyanikeni pamthunzi, muiike pakati pa mapepala oyera awiri, muisunge mu envulopu. Ngakhale ikuoneka yomvetsa chisoni, ndi umboni, ndipo manambala amene ali pamenepo mukawafuna. Ine ndimati ngakhale setifiketi yabwinobwino isamamatidwe pulasitiki, chifukwa wofuna kuitsimikiza amafuna kukhudza pepala lenileni ndi kuona zizindikiro zake.

Chimene sindinkachidziwa nthawi imeneyo n'chakuti setifiketi ndi kalata chabe yonena zimene zinalembedwa kale m'kaundula wa bungwe la mayeso. Ine ndinalemba mu Novembala 2003, n'kubwereza Chingerezi mu Juni 2004, ndipo zonse ziwiri zinali zikadali m'kaundula wa ZIMSEC, bungwe la mayeso la dziko lino, ku Mount Pleasant pamene ine ndinkalira ku Mufakose. Ntchito yanu yonse ndi yothandiza wa mu ofesi kuti akupezeni m'kaundulamo, ndi kumutsimikizira kuti munthu wolembedwayo ndinudi.

Mbali yachiwiriyo ndi imene imatigwetsa ife ana a anthu ochokera ku Malawi, ndipo ndikaiganiza mtima umandiwawabe. Ndikulembetsa mayeso, kalaliki wa pasukulu yathu analemba dzina la bambo anga mmene analimvera, n'kusiya chilembo chimodzi. Zimenezi mukuzidziwa: Phiri amasanduka Piri, Nkhoma amasanduka Nkoma, dzina la kunyumba limalowa m'malo mwa la pa kalata yobadwira. Ine ndinali mwana, anandipatsa pepala kuti ndione ngati zonse zili bwino, ndinangosaina. Kunyumba kunalibe amene akanaona kuti pasowa chilembo. Bambo ankagwira ntchito ya m'munda kwa azungu, ndipo dzina lawo linalembedwa mosiyanasiyana pa pepala lililonse limene anakhalapo nalo. Kenaka malamulo aakulu a dziko a 2013 atanena kuti wobadwira muno mwa kholo lochokera m'maiko a SADC, amene ankakhala muno, ndi nzika, ambiri tinapita kukasintha zitupa zathu zija zolembedwa kuti ndife alendo. Chinali chisangalalo chenicheni. Koma chitupa changa chatsopano chinatuluka ndi dzina lolembedwa molondola, pamene kaundula wa mayeso akusungabe lija loperewera. Munthu mmodzi, maina awiri.

Nditafika pa kauntala ndinapereka chitupa, mayi wa pamenepo anafufuza, n'kundiuza mwaulemu kuti dzina limenelo silikupezeka m'chaka chimenecho. Miyendo inazizira. Ndinakwera kombi kubwerera ndikuganiza kuti mwina mbiri yanga inafufutidwa. Amene anandipulumutsa ndi mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi. Iye anali atasunga kasilipi kake ka zotsatira, ndipo pamenepo panali nambala ya senta yathu. Nditapita nayo kusukulu, ahedi atsopano anatulutsa bukhu lakale la zotsatira, lachikuto chong'ambika, tinatsata ndi chala mzere ndi mzere mpaka tinapeza dzina langa lopanda chilembo chija, pambali pake nambala yanga ya mayeso. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana magiredi anga ngati ndikuwaona koyamba.

Apa ndiyankhule mosabisa, makamaka kwa makolo amene mumawerenga kuno. Mwana akabwera ndi pepala lotsimikizira kulembetsa mayeso, khalani naye pansi, muike kalata yobadwira pambali, muwerenge chilembo chimodzichimodzi, tsiku lobadwa lomwe. Nthawi yokonza ndi imeneyo. Pakapita zaka, bungwe limakupatsani pepala lolembedwa dzina lomwe lija munalembera mayeso, chifukwa ntchito yake ndi kunena zimene zili m'kaundula. Ndipo ndimakana ndithu maganizo akuti tizingovomera dzina lililonse limene atilembera poopa kuoneka ovuta. Agogo athu anavomera chifukwa analibe mawu. Ife tili nawo, ndipo Chichewa chili m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka m'dziko lino.

Pali chinanso. Mukayamba kufunsafunsa, mupeza anthu okuuzani kuti amadziwa wina wam'kati, kapena kuti angakusindikizireni setifiketi yofanana ndi yeniyeni pofika mawa. Athaweni. Sukulu za unamwino ndi olemba ntchito ambiri amafunsa ku bungwe lenilenilo, ndipo pepala lopangidwa kuseri ndi mlandu wa chinyengo ngakhale magiredi olembedwapo atakhala anu enieni. Mungataye malo amene munawayenera chifukwa cha pepala limene simunafunikire kugula.

Zoti mutenge musanakwere kombi

Choyamba, dziwani bungwe limene linapereka setifiketi yanu, chifukwa sukulu siingakupatseni ina. Ngati dzina la bungwe silikuwerengeka, onani ya mnzanu amene munalemba naye limodzi. ZIMSEC inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1994, ndipo isanatenge mayeso onse, ambiri ankalemba a Cambridge, monga zikuchitikirabe m'sukulu zina zoima pazokha. A Cambridge sapereka setifiketi yatsopano m'malo mwa yotayika. Amapereka chikalata chotchedwa "certifying statement", chosonyeza magiredi anu movomerezeka, ndipo chimapemphedwa pa intaneti. Amene analemba Fomu 4 kumudzi ku Malawi, nkhani yawo ili ku MANEB ku Zomba.

Kenaka lembani papepala zinthu izi pa ulendo uliwonse umene munalemba: chaka, kaya unali Juni kapena Novembala, dzina ndi nambala ya senta, nambala yanu ya mayeso, ndi dzina lanu mmene linalembedwera nthawi imeneyo. Inu muli ndi maulendo awiri, ndiye kuti m'kaundula muli pawiri, ndipo manambala a ulendo wachiwiri angathe kukhala osiyana ndi oyamba, makamaka ngati masamuwo munakalembera pa senta ina. Ambiri amakumbukira sukulu imene anaphunzira n'kuiwala kumene anakabwerezera. Muyembekezere kupempha ndi kulipira ulendo uliwonse paokha. Ndipo musanalengeze kuti yachiwiriyo inatayika, dzifunseni bwino ngati munakaitengadi. Masetifiketi amatumizidwa ku senta patapita miyezi zotsatira zitatuluka, ndipo anthu ambiri obwereza amatenga kasilipi kokha osabwereranso. Mchemwali wanga weniweni anapeza yake ili m'kabati ya kusukulu patapita zaka zambiri.

Ya kutayikayo mukanene kupolisi ya kwanu kuti akupatseni lipoti. Mulembenso afidaviti, kulumbira pamaso pa komishinala wa malumbiro, kufotokoza mwachidule mmene ina inanyowera ndi mmene ina inasowera. Ngati dzina la pa chitupa likusiyana ndi la m'kaundula, afidavitiyo inene momveka kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi, ndipo onse alembedwe ndendende mmene alili. Tengani chitupa ndi kalata yobadwira, zenizeni pamodzi ndi mafotokope odindidwa. Kalata ya ahedi yotsimikiza kuti munalembera pamenepo, yokhala ndi manambala aja, inandithandiza kwambiri ine. Yonyowayo mupite nayo. Mtengo ndi fomu zimasintha, choncho imbani kapena funsani ku ofesi ya ZIMSEC sabata yomwe mukupitayo, ndipo ndalama muzilipira pokhapo pamene akupatsani lisiti ya bungwe.

Ngati sukulu ya unamwinoyo ili ndi tsiku lotsekera kulembetsa, mukafunse zinthu ziwiri mosiyanitsa. China ndi pepala lolowa m'malo mwa setifiketi, loti mukhale nalo inu. China ndi chimene pa fomu chimalembedwa kuti "confirmation of results", kalata imene bungwe limatumiza lokha mwachindunji kusukulu kapena kwa wolemba ntchito amene akufuna kutsimikiza magiredi anu. Pitani kaye kusukulu ya unamwinoyo mukafunse ngati angalandire kalata yotereyi pamene mukudikira pepala linalo, ndipo mutenge dzina la ofesi ndi adiresi yeniyeni yoti itumizidweko. Ine ndinayamba ntchito yanga yoyamba ndi kalata imeneyo.

Pepala latsopano likatuluka, muliwerenge muli pomwepo pa kauntala: dzina, chaka, maphunziro onse ndi giredi iliyonse. Mukafika kunyumba lijambuleni pa foni mbali zonse, mudzitumizire pa imelo, mupange mafotokope odindidwa oti muziyenda nawo. Manambala aja muwalembenso kuseri kwa bukhu la sosaite kapena m'Baibulo la amayi. Langa lili mu envulopu ya pulasitiki yotsegula, pamwamba pa wadiropu, kutali ndi zenera. Mukapeza nambala ya senta ya ulendo wachiwiri uja, mundilembere, achemwali, ndimve kuti mwafika pati.