Mavidiyo a ukwati: ena akunong'ona, ena akukuwa

"Abale, ndili ndi mavidiyo 40 a ukwati wa ku Katete. Ena mawu ali pansi, ena akugonthetsa m'kutu. Ndingawalinganize bwanji onse pakamodzi?"

Akulu anga, batani la Normalize lokhalo musalidalire. Ine linandichititsa manyazi ku Kapata, pamaso pa eni ukwati. Ndinalipira mnyamata wina wa pa situdiyo kuti alinganize mawu, iye kungosankha mafayilo onse, kudina kamodzi, ndalama m'thumba. Sanamvetsere ngakhale imodzi! Tsiku loonetsa, ankhoswe akulankhula pa vidiyo koma kumangooneka milomo yokha. Apongozi a mkwati akuti "kwezani, kwezani", ine kukweza ampu mpaka kumapeto. Kenako inalowa kwaya. Sipika inalira ngati bingu, khanda linadzidzimuka ndi kuyamba kulira, agogo ena anagwira m'makutu n'kutuluka panja. Twita ya sipika yobwereka inapsa, ndinalipira ndine. Mnyamatayo mpaka lero foni sayankha, ndipo zimandiwawabe.

Vuto lake ndi ili. Batani lija nthawi zambiri limangoyang'ana pamene phokoso lafika pamwamba kwambiri. Mu vidiyo ya ankhoswe, mayi wina analuluta pafupi ndi maiki mpaka mita kugunda 0 dB, ndiye pulogalamu inaona ngati fayilo yonse ndi yokwera kale, sinakweze kanthu. Chofunika kuyeza ndi LUFS, muyeso wa mmene khutu limamvera fayilo yonse. Nditayeza, ankhoswe anali pa -31 pamene kwaya inali pa -11. Yezani yanu chonchi ndi pulogalamu ya ffmpeg, muone nambala ya I kumapeto, ndiyo LUFS ya fayilo yonse:

```
ffmpeg -i 01.mp4 -af ebur128 -f null -
```

Kuti onse apite pakamodzi, tsegulani cmd ya Windows mu foda ya mavidiyoyo:

```
mkdir zatsopano
for %f in (*.mp4) do ffmpeg -i "%f" -c:v copy -af loudnorm=I=-16:TP=-1.5:LRA=11 -ar 48000 -c:a aac -b:a 192k "zatsopano\%f"
```

Pa I= ine ndimaika -16 chifukwa ambiri amaonera pa foni. Ngati ndi za YouTube ikani -14, koma -23 ndi ya nyumba zoulutsira mawu, pa foni imamveka pansi. Kachidutswa ka -c:v copy kakutanthauza kuti chithunzi sichikhudzidwa, motero ntchito imatha msanga magetsi asanathime. Musachotse -ar 48000, chifukwa loudnorm payokha imakankhira mawu ku 192 kHz. Mafayilo oyambirira musafufute.

Inde, ndikudziwa kuti ndadzudzula wodina kamodzi, koma lamuloli liyendetseni pa onse ndithu. Kungoti mukatha valani mahedifoni, mumvetsere makamaka a zolankhula. Fayilo yochoka pa -31 kufika pa -16 yakwera ndi 15 dB, ndipo jenereta ndi mphepo zakwera nayo limodzi. Mukamva phokoso likufufuma munthu akapuma, n'kutsikanso akayamba kulankhula, ichotseni pagulu. Imeneyo chepetsani nthungululu ndi dzanja mu pulogalamu yanu yodulira mavidiyo, muchotse kulira kwa jenereta, kenako muyipititsenso mu loudnorm payokha.