Mapu okha sangagamule mlandu, funsani miyala

"Akuluakulu, mwana wanga wabwera kusukulu akuti kale Afirika ndi South Amereka zinali dziko limodzi. Ine ndikuti mapu angofanana mwangozi basi. Alipo amene anaona zikung'ambika?"

Bambo, pa mapu paja simunalakwe kwenikweni. Gombe limadyedwa ndi mafunde ndipo madzi a m'nyanja amakwera ndi kutsika, choncho kufanana kwa magombe pakokha ndi umboni wofooka. N'chifukwa chake mu 1965 wasayansi Edward Bullard ndi anzake sanalumikize magombe amene timawaona pa mapu. Analumikiza m'mphepete mwenimweni mwa makontinenti, pansi pa madzi akuya mamita pafupifupi 900, ndipo mpamene mbali ziwirizi zinagwirana bwino. Koma ngakhale apo munthu angakanebe.

Ganizirani chitenje chong'ambika pakati. Kuti mutsimikize kuti zidutswa ziwiri ndi za nsalu imodzi, simuyang'ana mong'ambikamo mokha, mumaona ngati maluwa a mbali iyi akupitirira mbali inayo. Kumadzulo kwa Afirika kuli malire oonekeratu pakati pa miyala ya zaka pafupifupi 2,000 miliyoni ndi ina ya zaka pafupifupi 600 miliyoni. Malirewo amakalowa m'nyanja chapafupi ndi Accra ku Ghana. Katswiri wa miyala Patrick Hurley ndi anzake, pamodzi ndi akatswiri a ku São Paulo, anayamba alumikiza mapu n'kunena kuti ngati maiko awa analidi amodzi, malire omwewo ayenera kukatulukira pafupi ndi mzinda wa São Luís ku Brazil. Kenako anakatola miyala kumeneko n'kuiyeza zaka. Malire anawapeza pomwepo, miyala yakale kumadzulo, yatsopanoko kum'mawa, ngati mmene zilili ku Ghana. Anazilengeza mu 1967. Kwa ine apa mpamene pagona nkhani, chifukwa anayamba anena kumene akapeze asanakafufuze. Akanapeza zina, anthu akanawaseka.

Tsono pali kanyama kotchedwa mesosorasi, kooneka ngati kang'ona kakang'ono, kotalika mita imodzi kapena kuchepera, ka mano oonda ngati singano. Kanakhalako zaka pafupifupi 280 miliyoni zapitazo. Mafupa ake amapezeka ku South Africa ndi Namibia, kenako tsidya lija ku Brazil ndi Uruguay, koma ku makontinenti ena kulibe. Wina anena kuti kanasambira. Chabwino, koma kanyama kodziwa kuoloka nyanja ya Atilantiki kakanafikanso kumagombe ena ambirimbiri. Komanso si mafupa okha ayi. Mukakumba mbali zonse ziwiri mumapeza miyala itasanjikizana mofanana: pansi pali zinyalala za miyala zimene madzi oundana anasiya, pamwamba pake thope lakuda louma momwe muli mesosorasi, ndipo pamwamba kwambiri chiphalaphala chouma cha zaka pafupifupi 132 miliyoni, cha ku Paraná ku Brazil ndi cha ku Etendeka ku Namibia. Chiphalaphalacho chinatuluka nthawi imene nthaka inayamba kung'ambika.

Kale akatswiri ena ankati panali mlatho wa nthaka umene nyama zinkaolokera, kenako unamira. Atayeza pansi pa nyanja sanaupeze. Anapeza mwala wolemera wa mtundu wina, waung'ono zaka pakati pa nyanja, ndipo zaka zake zimachuluka mukamayandikira gombe lililonse. Nyanjayo ikukulabe masentimita owerengeka pachaka, ngati mmene chikhadabo chimakulira, ndiye palibe agogo amene akanaziona.

Ndisaiwale kwathu kuno. Malasha a ku Maamba anachokera m'madambo momwe munkamera mtengo wa masamba ooneka ngati lilime, gulosoputerisi. Masamba omwewo amapezeka m'miyala ya ku India, Australia, South Amereka ndi Antarctica. Gulu la Robert Scott litafera mu chisanu cha ku Antarctica mu 1912, pa katundu wawo panapezeka miyala yolemera makilogalamu 16, ina ili ndi masamba amenewa. Ku Antarctica lero mtengo sungamere.

Mwana wanu mumuuzenso kuti maiko asanang'ambike anayamba agundana mitu. Mwala wotuwa uja amayi amaphwanya ndi hamala m'mbali mwa misewu ya mu Lusaka muno, n'kuunjika milumilu kudikira omanga nyumba, unayamba ngati matope a laimu pansi pa madzi a m'nyanja. Zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo chigawo cha nthaka cha Kongo ndi cha Kalahari zinagundana pamene dziko lalikulu la Gondwana linkasonkhana, ndipo miyalayo inapsa ndi kupindika. Miyala ya mkuwa ya ku Kopabeluti inapindika pa kugundana komweko. Mukadutsa pamene akuphwanya miyala, tolani chidutswa chimodzi mukamuonetse kunyumba. Mukachitembenuza padzuwa muona timaso tonyezimira ngati shuga, umboni wakuti mwalawo unaphikidwa pansi penipeni pa mapiri amene anaperepeseka kalekale.